Kulembanso sikiripiti ya vidiyo ya kutsegula m'mimba kuti mayi wa kumudzi akumbukire zochita

Sikiripiti imene ndikufuna tiyikambe pano inabwera m'manja mwanga ili ndi masamba anayi, ya vidiyo yophunzitsa makolo zochita mwana wosakwana zaka zisanu akatsegula m'mimba. Amene anailemba ndi munthu wodziwa zaumoyo ndithu, bodza munalibe ngakhale limodzi, koma tangomvani mmene inkayambira:

"Matenda otsegula m'mimba ndi amodzi mwa matenda amene amatenga miyoyo ya ana ambiri osaposera zaka zisanu. Chifukwa cha kuchepa kwa madzi ndi michere yofunikira m'thupi, makolo akulimbikitsidwa kuonetsetsa kuti mwana akulandira mankhwala obwezeretsa madzi m'thupi mogwirizana ndi msinkhu wake, komanso kuti asasiye kumuyamwitsa."

Mukawerenga papepala zikumveka bwinobwino eti? Vuto ndi lakuti mayi amene vidiyoyi ikupita kwa iye sadzawerenga papepala, adzamva kamodzi kokha, mwina pa foni ya mnzake yokhala ndi sipika yolira ngati chitini, anthu khumi ataunjikana pamenepo, wina mwana akulira kumsana, kenako patapita milungu itatu mwana wake ndi kuyamba kutsegula m'mimba pakati pa usiku, foni ija kulibe. Chimene chidzagwire ntchito usiku umenewo ndi mawu ochepa amene anatsalira m'mutu mwake basi. Nde ntchito yonse yolembanso sikiripiti ndi kusankha mawu amenewo ndi kuwakhomerera, zinazo n'zongothandizira.

Poyamba ine sindikhudza n'komwe chiganizo chilichonse. Ndimatenga pensulo ndi kuwerenga kuti m'sikiripitimo muli malangizo angati, ndipo mu iyiyi ndinapeza 14: kusamba m'manja, kumanga chimbudzi, kuwiritsa madzi, katemera, kuvundikira chakudya, kusungunula thanzi lomwe ndi ufa wa m'paketi wobwezeretsa madzi m'thupi, mapiritsi a zinki, kuyamwitsa, zizindikiro zoopsa ndi zina zotero. Zonse n'zoona koma ndi mavidiyo awiri amene awapanikiza pamodzi, ina ndi yopewera matenda, ina ndi ya zochita mwana atadwala kale. Munthu amene mwana wake akutsegula m'mimba panopa nkhani yokumba chimbudzi simuthandiza lero. Zopewazo ndinazichotsa zonse kuti zikhale vidiyo yake payokha, ndipo apa mpamene mkangano umabuka nthawi zambiri chifukwa mwini sikiripiti amaona ngati mukutaya zofunika. N'zofunikadi, kungoti mukazisiya zonse 14 aliyense woonera adzatola yake imodzi imene yamusangalatsa, wina adzakumbukira zosamba m'manja n'kuiwala zinki.

Zinatsala zinayi. Kumupatsa thanzi, kumupatsa zinki, kupitiriza kuyamwitsa ndi kudyetsa, ndiponso kudziwa nthawi yothamangira kuchipatala. Sindinazisankhe mwa mutu wanga ayi, kuphatikiza madzi obwezeretsa aja ndi zinki ndi malangizo amene Bungwe la Zaumoyo Padziko Lonse ndi UNICEF anatulutsa limodzi mu 2004, ndipo mpaka lero ndiwo maziko a chithandizo cha mwana wotsegula m'mimba.

Tsono tibwere ku mawu. Anthu ambiri akamva zoti mawu osavuta amaganiza kuti ndi kungochotsa Chingerezi, koma chiganizo chija ndakuwerengerani mulibe Chingerezi ngakhale pang'ono ndipo n'cholemera ngati mwala. Kulemera kwake kukuchokera ku mawu a muofesi ngati akulimbikitsidwa, kuonetsetsa, mogwirizana ndi. Mawu amenewa sauza munthu kuti dzanja lake ligwire chiyani. "Makolo akulimbikitsidwa", akulimbikitsidwa ndi ndani, ndipo kholo lake liti? Mayi womvera amaona ngati akunena za anthu ena. Ndiye lamulo langa ndi lakuti chiganizo chilichonse cha malangizo chiyambe ndi chochita cholunjika kwa iyeyo: tengani, thirani, vundulani, mumwetseni. Ngati simungathe kujambula ndi kamera zimene chiganizocho chikunena, ndiye kuti si langizo, ndi nkhambakamwa. Kuonetsetsa simungakujambule, koma kuthira ufa m'madzi mungakujambule.

Dzina la mankhwala nalonso muonepo bwino. Pa paketi pamalembedwa ORS, a zaumoyo amati mankhwala obwezeretsa madzi m'thupi, anthu ambiri amangoti thanzi. Musankhe dzina limodzi limene anthu amene mukuwajambulira amalitchula akafika pa windo la mankhwala, n'kukakamira lomwelo kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo nthawi yoyamba kulitchula paketiyo ioneke pafupi ndi kamera kwa masekondi angapo kuti diso ligwirizanitse dzina ndi chinthu. Chimene ndinakana ndi kuwatchula kuti madzi a mchere ndi shuga. Zikumveka zosavuta zedi, koma munthu angamve kuti ndiye nditha kungotapa mchere ndi shuga wa m'nyumba n'kusakaniza mwa maso, pomwe madzi ochuluka mchere kupitirira muyezo ndi oopsa kwa mwana wamng'ono. Mawu amatha kuphweka mpaka kunamiza, nde paliponse pamene mwafupikitsa muzidzifunsa kuti munthu wochita ndendende zimene wamva adzachita chiyani.

Pali kanthu kena kakang'ono kamene ndimakakonda kwambiri chifukwa kali m'chilankhulo chathu chenichenicho. Sikiripiti inkati "musasiye kuyamwitsa". Tchulani mokweza musasiye kenako musiye, kusiyana kwake ndi ka "sa" kamodzi kokha kali pakati pa mawu, ndipo pa sipika yoipa kapena mwana akakuwa pa sekondi imeneyo ka "sa" kaja kamasowa, langizo n'kutembenuka kwathunthu. Ndinalemba kuti "pitirizani kuyamwitsa". Mawu amenewo ngakhale mumve theka lokha sangasanduke kuletsa. Malangizo akuluakulu onse ndimayesetsa kuti akhale onena chochita osati choletsa, ndipo pamene kuletsa sikungapeweke ndimaikapo ayi womveka kumapeto.

Manambala ndiye pali ntchito. Malangizo enieni amati mwana wosakwana zaka 2 apatsidwe mamililita 50 mpaka 100 nthawi iliyonse akachita chimbudzi chamadzi, ndipo wa zaka 2 mpaka 10 apatsidwe mamililita 100 mpaka 200. Palibe amene ali ndi choyezera mamililita pakhomo, nde timasandutsa kukhala kapu: wamng'onoyo kota mpaka theka la kapu, wamkuluyo theka mpaka kapu yodzadza. Komabe makapu amasiyana kukula, ndiye pakamwa pokha sipakwanira, kapu ioneke m'manja mwa munthu kuti kukula kwake kudziwike, ndipo ikhale yoonekera mkati kuti mzere wa madzi uoneke. Ine ndinachotsanso mawu oti kota, m'sikiripiti ndinalemba "theka la kapu" kwa wosakwana zaka ziwiri ndi "kapu imodzi" kwa wamkulupo, kenako "akafuna ena mupatseni". Ndinafunsa kaye namwino ngati kufupikitsa kotereku kuli bwino, ndipo inunso muzitero, kudula manambala a mankhwala si ntchito ya wolemba yekha.

Lita nayonso chimodzimodzi. Mapaketi ambiri ndi osungunula mu lita imodzi ya madzi, koma alipo ena opangidwira madzi ochepera pamenepo, ndiye musanalembe nambala iliyonse gwirani paketi yeniyeni imene anthuwo amalandira muwerenge kumbuyo kwake. Yathu inali ya lita imodzi. Pa vidiyo tinaonetsa botolo la theka la lita likudzazidwa n'kukhuthulidwa kawiri, mawu akuwerenga kuti "limodzi, awiri", kenako ufa wonse wa m'paketi. Mawu oti wonse ndi ofunika kwambiri chifukwa anthu amakonda kusunga, amathira theka la paketi m'kapu kuti wina atsale mawa, n'kupanga madzi okhathamira mchere. Nde chiganizo chinakhala chonchi: "Paketi yonse, madzi lita imodzi."

Kubwereza ndiye mtima wa nkhaniyi, ndipo anthu ophunzira amalakwitsa pomwepa chifukwa kusukulu anatiphunzitsa kuti kubwereza mawu omwewo ndi umphawi wa chilankhulo, timayenera kusinthasintha. Papepala zimenezo n'zabwino chifukwa diso limabwerera m'mbuyo likasokonezeka. Khutu silibwerera. Mukanena koyamba kuti "mumwetseni thanzi", kachiwiri "mubwezeretseni madzi m'thupi", kachitatu "mupatseni zakumwa pafupipafupi", inu mukuona ngati mwanena chinthu chimodzi katatu koma womvera wamva zinthu zitatu zosiyana kamodzikamodzi, ndipo chachitatucho angachimasulire kuti chakumwa chilichonse chotsekemera chikwanira. Kubwereza kogwira ntchito ndi kwa mawu omwewo, mu ndondomeko yomweyo, osasintha ngakhale liwu. Chimene chimasintha ndi pakamwa ponena ndi chithunzi chimene chikuoneka, kuti anthu asatope.

Mzere wathu wobwereza unali uwu: "Thanzi akachita chimbudzi. Zinki masiku khumi. Bere ndi chakudya pitirizani." Ndi waufupi woti munthu atha kuunena mpweya umodzi, ndipo tinkaonetsa zala zitatu, chala chimodzi pa langizo lililonse. Za masiku khumiwo, malangizo amati zinki amwedwe masiku 10 mpaka 14, mamiligalamu 20 patsiku, ndipo mwana wosakwana miyezi 6 mamiligalamu 10 kutanthauza theka la piritsi lija. Mukanena kuti khumi mpaka khumi ndi anayi mwapereka manambala awiri pamene mutu ukufuna imodzi, ndiye tengani nambala imene a zaumoyo a dera limenelo amagwiritsa ntchito, yogwirizana ndi mapiritsi amene ali m'paketi, ife inali 10.

Vidiyo yonse tinaikonza ya maminiti atatu ndipo mzere uja unamveka kanayi. Imayamba ndi mayi ali ndi mwana pamiyendo akuuza mnzake kuti mwanayu wachita chimbudzi chamadzi katatu kuyambira m'mawa. Katatuko sitinangoika, kutsegula m'mimba amakuwerengera kuyambira pa chimbudzi chamadzi katatu kapena kuposa pa tsiku limodzi, nde tanthauzo lalowa popanda wina kuima n'kumaphunzitsa. Asanathe masekondi 20 namwino wanena kale mzere uja koyamba, chifukwa anthu ena sadzaonera mpaka kumapeto, foni idzatha moto kapena adzaitanidwa, ndiye chofunika chisadikire kumapeto ngati nkhani ya nthano. Kenako gawo lalitali kuposa onse ndi losungunula ndi kumwetsa, manja okhaokha akuoneka, mawu ochepa. Apa tinaikapo malangizo awiri ang'onoang'ono amene amamatirira ku chithunzi: kumwetsa ndi sipuni pang'onopang'ono, ndi zochita mwana akasanza, "dikirani maminiti khumi, yambaninso pang'onopang'ono". Langizo la kusanzali musalitaye ngakhale nthawi ichepe bwanji, chifukwa mayi akaona mwana wasanza amaganiza kuti mankhwala amukana n'kusiyiratu. Gawoli likatha mayi uja ndiye amanena mzere uja ndi pakamwa pake, kachiwiri.

Kachitatu amanena ndi bambo wa mwanayo akufotokozera agogo, ndipo izi tinachita dala, chifukwa m'nyumba zambiri wosankha kuti mwana apite kuchipatala kapena apitirize mankhwala si mayi yekha. Kachinayi ndi kumapeto, namwino amayamba "thanzi" n'kukhala chete masekondi awiri kuti oonera amalize okha. Kachete kameneka wojambula amafuna kukadula poganiza kuti ndi malo owonongeka, mumuuziretu kuti akasiye, munthu akatulutsa yekha mawu m'mutu mwake amawasunga bwino kuposa akangowamva.

Pali chiganizo chimodzi chimene m'sikiripiti yoyamba munalibe ndipo ndinachita kuwonjezera, chakuti thanzi sililetsa kutsegula m'mimba. Ntchito yake ndi kubwezera madzi ndi michere imene mwana akutaya kuti asafooke mpaka kufa, kutsegulako kumatha pakokha patapita masiku, zinki ndi amene amathandiza kufupikitsa masikuwo ndi kuchepetsa kudwalanso m'miyezi iwiri kapena itatu yotsatira. Mukapanda kunena zimenezi mayi amamwetsa tsiku lonse, n'kuona mwana akutsegulabe, n'kunena kuti mankhwalawa ndi achabe, mawa akasaka mapiritsi oletsa kutsegula amene ana aang'ono sayenera kumwa. Nde tinaika m'kamwa mwa agogo funso lakuti "nanga bwanji akutsegulabe?" ndipo namwino amayankha kuti "thanzi limabwezera madzi amene akutuluka, pitirizani ngakhale akutsegulabe". Zinki nayenso ali ndi msampha wake, mwana amachira tsiku lachitatu kapena lachinayi mapiritsi n'kuiwalika, ndiye tinaonetsa mwana akusewera ali bwinobwino mayi akumupatsabe, mawu akuti "wachira koma masiku khumi sanathe". Zimene anthu amakayikira muziziyankha mu vidiyo momwemo, koma samalani kuti maganizo olakwikawo asamveke nthawi yaitali kapena mokoma kuposa yankho lake, anthu angakumbukire funso la agogo n'kuiwala yankho la namwino.

Zizindikiro zoopsa sindinaziike mu mzere wobwereza uja, zili ndi malo akeake ndi mawu a mtundu wina, nyimbo ya kumbuyo imazima. Sikiripiti yoyamba inkati "zizindikiro za kuchepa kwambiri kwa madzi m'thupi" zomwe mayi sangazione ndi maso. Tinalemba zimene amaona: mwana akukana kumwa kapena kuyamwa, akusanza chilichonse, m'chimbudzi muli magazi, walefuka kapena akuvuta kudzutsa, maso alowa mkati, wakomoka. Ndipo chiganizo chotsogolera chimati "mukaona chimodzi chokha mwa izi, pitani kuchipatala pompo". Mawu oti chimodzi chokha musawaiwale, mndandanda ukangowerengedwa anthu ena amadikira kuti zonse zikwane. Tinawonjezeranso kuti ngati mwana akutha kumwa azimwetsedwa m'njira popita, poti kumudzi ulendo wa kuchipatala umatha kutenga maola ndipo mwana akutayabe madzi nthawi yonseyo.

Kunena zoona pamenepa ndinaswa lamulo langa lija la mfundo zochepa, zizindikiro zisanu ndi chimodzi n'zambiri pa khutu. Koma sindinaone choti ndingachotse popanda kuika mwana pachiswe, nde tinangozipatsa chilichonse chithunzi chake ndi kupuma pakati, n'kuzibwereza kawiri.

Zolemba pa sikirini musazidalire. Ena mwa oonera sawerenga, ena amawerenga pang'onopang'ono moti zolembazo zimachoka asanamalize, ndipo pa foni yaying'ono anthu khumi sangazione onse. Chilichonse chofunika chinenedwe ndi pakamwa ndipo chioneke chikuchitika. Komanso chithunzi chikatsutsana ndi mawu, chimapambana ndi chithunzi. Ngati mawu akuti madzi owiritsa kapena othira mankhwala koma wosewerayo akutunga mu ndowa yosavundikira, anthu atengera ndowayo. Ngati m'chithunzi muli jagi yoyezera ya magalasi imene kumudzi kulibe, uthenga umene wapita ndi wakuti izi n'za anthu a m'tauni.

Mukamaliza kulemba musathamangire kamera. Werengani mokweza muli ndi wotchi, mwa liwiro la munthu wolankhula ndi agogo ake, chifukwa mawu athu ndi aatali, chiganizo chimene papepala chikuoneka chachifupi chimadya masekondi ambiri, ndipo nthawi ikakuperewerani chotsani chiganizo osati kuuza wowerenga kuti afulumire. Paliponse pamene mwapumira pakati pa chiganizo chifukwa mpweya watha, chiduleni pawiri. Kenako jambulani mawu okha pa foni wamba, mukawamvetsere anthu asanu kapena asanu ndi atatu ofanana ndi amene vidiyo ikupita kwa iwo, osati anzanu a muofesi, ndipo aliyense payekha chifukwa pagulu mmodzi akayankha ena onse amangovomera.

Funso loti "mwamva?" n'lopanda ntchito, aliyense amati eya mwaulemu, makamaka kwa mlendo wooneka wophunzira. Muwauze kuti "tiyerekeze mnzanu sanamve nawo, mwana wake akutsegula m'mimba, mukamuuza kuti chiyani?" kenako muike patsogolo pawo paketi, mabotolo, kapu ndi sipuni kuti asungunule inu mukuona, osawathandiza. Muwauziretu kuti mukuyesa sikiripiti osati iwowo. Mmene mungadziwire polakwika n'zosavuta: langizo limene ambiri alisiya ndiye kuti silinabwerezedwe mokwanira kapena lakwiririka pakati pa mawu ena, pamene langizo limene alinena mopotoka ndiye kuti mawu ake ali ndi matanthauzo awiri, kulibwereza kwambiri kungowonjezera vuto, lofunika kulembedwanso.

Ife tinagwidwa pa chiganizo cha madzi otsala. Thanzi likasungunulidwa liyenera kugwiritsidwa ntchito mkati mwa maola 24, lotsala litayidwe. Ndinalemba kuti "gwiritsani ntchito tsiku limodzi" ndikudziona ngati ndaphweketsa bwino, koma amayi awiri anamva kuti mwana amamwa thanzi tsiku limodzi lokha basi, mawa lake osamupatsanso. Tinasintha kukhala "otsala a dzulo tayani, sungunulani paketi ina", n'kuonetsa dzanja likukhuthula ndi paketi yatsopano ikung'ambidwa, ndipo titayesanso pa anthu ena palibe anasokoneza. Chosinthachi chinabweretsanso china, poti ngati mawa pafunika paketi ina ndiye kuti mayi asachoke kuchipatala ndi imodzi yokha, nde m'gawo la namwino tinaonetsa akupereka mapaketi awiri pamodzi ndi zinki.

Ngati mungathe, bwererani kwa anthu omwewo pakatha sabata mukawafunsenso funso lija la mnzawo, popanda kuwamvetseranso mawu. Kwa ife mzere wa zala zitatu unatuluka wonse pafupifupi kwa aliyense, koma pa zizindikiro zoopsa ambiri anakumbukira magazi ndi kukomoka, kukana kuyamwa kunasowa, pomwe kwa khanda chimenechi ndi chizindikiro chachikulu. Tinachisuntha kukhala choyamba pa mndandanda, n'kuchipatsa chithunzi chotalikirapo cha mwana akutembenuza mutu kukana bere, kenako tinatumiza sikiripiti kwa namwino kuti aiwerenge komaliza tisanaitane wojambula.